CTR yakwera koma katundu sakuyenda: mafunso ndi mayankho

Aliyense amene analipirapo kuti malonda ake aonekere pa Facebook, Instagram kapena Google anakumanapo ndi zilembo zitatu izi: CTR. Nambala imeneyi imabwera msanga, imasangalatsa ikamakwera, ndipo ndi imene anthu ambiri otsatsira anzawo malonda amathamangira kuonetsa mwini bizinesi. Chondidetsa nkhawa n'chakuti eni mabizinesi ang'onoang'ono amawonjezera ndalama pa uthenga umene ukuwadyera mpamba, chifukwa choti nambala iyi yokha ikuoneka bwino.

Kodi CTR n'chiyani, ndipo amaiwerengera bwanji?

CTR ndi nambala yosonyeza kuti pa maulendo 100 alionse amene uthenga wanu wa malonda waonekera pa foni kapena pa kompyuta, ndi maulendo angati amene munthu waudina. Pa sikirini ya Google Ads kapena ya Meta Ads Manager mupeza manambala awiri amene amaigwiritsa ntchito. `Impressions` ndi maulendo amene uthenga waonekera, ndipo `Clicks` ndi maulendo amene wadinidwa. Masamu ake ndi awa:

```
CTR = Clicks / Impressions × 100
```

Uthenga ukaonekera maulendo 50,000 n'kudinidwa maulendo 500, CTR yake ndi 1 peresenti. Ukadinidwa maulendo 2,000, ndiye kuti yafika 4 peresenti. Onani kuti tikuwerenga maulendo, osati anthu. Munthu mmodzi atha kuuona uthenga womwewo kasanu pa sabata, ndipo maulendo asanuwo amalowa onse m'chiwerengero. Pa Meta, chiwerengero cha anthu enieni chimalembedwa padera kuti `Reach`. Onaninso chimene mulibe m'masamuwa. Mulibe ndalama imene mwalipira, mulibe wogula, mulibe phindu. CTR imathera pa chala chimene chakhudza sikirini, ndipo zonse zochitika pambuyo pake siizidziwa.

Nanga CTR yabwino ndi ingati?

Palibe nambala imodzi yoyenera malonda onse, ndipo amene angakupatseni nambala yotere asanakufunseni kumene uthenga wanu ukuonekera akukunamizani. Munthu amene walemba yekha pa Google kuti akufuna batire ya sola wabwera kale ndi chosowa chake, choncho mauthenga a m'malo ofufuzira amadinidwa kwambiri, kangapo pa maulendo 100 alionse. Zikwangwani zimene zimaonekera m'mbali mwa nkhani kapena mkati mwa masewero a pafoni zimapeza munthu ali pa zake, ndipo nthawi zambiri sizifika ngakhale 1 peresenti. Kuyerekeza ziwirizi n'kulakwitsa kuyambira pachiyambi.

Nthawi nayo imasintha zinthu. Chimodzi mwa zikwangwani zoyambirira pa intaneti chinali cha kampani ya AT&T, chimene chinaikidwa pa HotWired mu 1994, ndipo amene anachikonza amanena kuti chinadinidwa ndi anthu pafupifupi 44 pa 100 alionse amene anachiona. Chinali chinthu chachilendo, anthu ankadina pofuna kuona kuti chichita chiyani. Chidwi chotere chinatha kalekale. Njira yothandiza ndi kuyerekeza uthenga wanu ndi uthenga wanu wina, woonekera pamalo amodzimodzi, kwa anthu ofanana, m'masiku omwewo.

Ngati anthu ambiri akudina, zingatheke bwanji kuti ndikuluza?

Tiyeni tipeke chitsanzo, ndipo manambala ake ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Mayi wina ali ndi sitolo ya zipangizo za sola mu Lilongwe. Seti imodzi, ya panelo, batire ndi mababu, amagulitsa K450,000, ndipo akachotsa zonse zimene anawononga amatsala ndi phindu la K60,000. Wakonza mauthenga awiri pa Facebook, uliwonse wauikira K100,000, ndipo uliwonse waonekera maulendo 50,000.

Uthenga woyamba uli ndi chithunzi cha nyumba yowala usiku, ndi mawu akuluakulu akuti: Magetsi aulere kunyumba kwanu, dinani apa. Mtengo sanautchule. Uthengawu wadinidwa maulendo 2,000, CTR yake ndi 4 peresenti, ndipo kudina kumodzi kwamudyera K50 yokha. Uthenga wachiwiri uli ndi chithunzi cha seti yeniyeniyo itayalidwa patebulo, mtengo wa K450,000 utalembedwa poonekera, ndi mawu ofotokoza kuti imayatsa mababu angati ndiponso kuti sitolo ili kuti. Wadinidwa maulendo 500 okha, CTR yake ndi 1 peresenti, ndipo kudina kumodzi kwafika K200. Poyang'ana pa sikirini pokha, woyamba waposa mnzake kanayi, ndipo munthu wosadziwa angazimitse wachiwiri tsiku lomwelo.

Tsopano titsegule buku la musitolo. Uthenga woyamba wabweretsa wogula mmodzi. Ambiri amene anadina ankafuna zaulere zija, ndipo ataona K450,000 anatseka tsamba. Mayiyu walipira K100,000 kuti apeze phindu la K60,000, ndiye kuti waluza K40,000. Uthenga wachiwiri wabweretsa ogula asanu. Phindu lake ndi K300,000, ndipo tikachotsa K100,000 yotsatsira patsala K200,000. Wogula mmodzi wa uthenga woyamba wadya K100,000, pamene wa uthenga wachiwiri wadya K20,000.

Chimene chachitika n'chakuti mtengo wolembedwa poyera unagwira ntchito ya sefa. Amene alibe ndalamayo, kapena sakufuna sola chaka chino, anaona n'kupitirira osadina, ndipo CTR inatsika pa chifukwa chimenecho. Zili ngati sitolo imene yaika chikwangwani chonama pakhomo: mkati mudzaza anthu, wogulitsa atopa kuyankha mafunso, koma m'kabati mulibe ndalama.

Pali masamu ena afupi amene amakuuzani mtengo umene kudina kumodzi sikuyenera kupitirira. Tengani phindu la pa katundu mmodzi, mulichulukitse ndi gawo la odina amene amagula. Pa uthenga woyamba wagula mmodzi pa 2,000, choncho K60,000 kugawa ndi 2,000 ikupereka K30. Kudina kulikonse kumabweza K30 pamene mayiyu amalipira K50. Pa wachiwiri wagula mmodzi pa 100 alionse, choncho kudina kulikonse kumabweza K600 pamene iye amalipira K200. Kudina kotchipa kuja ndiko kunali kodula.

Kodi anthu onse odinawo amathera kuti, ngati safika pogula?

Ambiri safika n'komwe pa tsamba lanu, ndipo izi zimachitika m'njira zingapo zimene mungathe kuzigwira. Yoyamba ili m'dzina la nambalayo. Mu Meta Ads Manager muli CTR ziwiri. `CTR (all)` imawerenga pafupifupi kukhudza kulikonse pa uthenga: kukulitsa chithunzi, kusonyeza kuti mwaukonda, kulemba ndemanga, kupita kukaona dzina la bizinesi. `CTR (link click-through rate)` imawerenga kudina pa linki kokha. Yoyambayo imakhala yaikulu nthawi zonse, ndipo ndi imene imakoma kuika mu lipoti. Wina akakuuzani kuti CTR yanu ndi 6 peresenti, mufunseni kuti akunena iti mwa ziwirizi.

Njira yachiwiri ndi chala chophonya. Uthenga ukaonekera mkati mwa masewero a pafoni, kabatani kotsekera kamakhala kakang'ono, pakona, ndipo munthu wofuna kutseka amapezeka wadina. Nthawi zina foniyo ili m'manja mwa mwana. Kudina kotere kumawerengedwa, koma munthuyo amabwerera sekondi yomweyo. Chizindikiro chake n'chakuti malo amodzi oonetsera ali ndi CTR yokwera modabwitsa koma alibe wogula ngakhale mmodzi. Pa Meta, gwiritsani ntchito `Breakdown` n'kusankha `Placement`, muone makamaka mzere wa `Audience Network`, umene ndi mapulogalamu a anthu ena oonetsa mauthenga a Meta. Pa Google Ads mulinso mndandanda wa masamba ndi mapulogalamu amene uthenga wanu waonekera, ndipo mutha kuchotsa amene akungodya ndalama.

Njira yachitatu ndi tsamba losatseguka, ndipo kuno kwathu ndi yofala kwambiri. Netiweki ikafooka, tsamba lodzaza zithunzi zikuluzikulu limatenga nthawi, ndipo munthu sadikira. Komanso anthu ambiri amagula bandulo ya Facebook kapena ya WhatsApp yokha. Wotereyu uthenga wanu amauona bwinobwino, amadina ndi mtima wonse, koma linki ikamutulutsa kupita ku tsamba lina, bandulo yake siigwirako ntchito. Inu mwalipira, iye sanaone kanthu. Kuti muone kukula kwa vutoli, yerekezani `Link clicks` ndi `Landing page views`, imene imawerenga maulendo amene tsamba latsegukadi. Ngati pa kudina 2,000 tsamba latseguka maulendo 800 okha, musayambe n'kusintha mawu a uthenga. Yambani n'kupeputsa tsamba, kapena konzani kuti batani litsegule WhatsApp kapena Messenger m'malo mwa tsamba lakunja.

Palinso kudina kwachinyengo, kochitidwa ndi makina kapena ndi anthu amene amapindula mauthenga akamadinidwa pa masamba awo. Google imasefa kumene yakuzindikira n'kukulemba kuti `Invalid clicks`, ndipo simulipira pa kudina kumeneko, koma palibe sefa imene imagwira zonse.

Ine ndinauza Facebook kuti indipezere anthu ambiri odina. Kodi pali cholakwika pamenepo?

Pali cholakwika ngati chimene mukufuna ndi ogula. Poyamba kutsatsa, Meta imakufunsani cholinga, ndipo mwa zosankha muli `Traffic`, `Leads` ndi `Sales`. Makina ake amachita ndendende chimene mwawauza. Mukawauza kuti mukufuna kudina, amafunafuna anthu amene mbiri yawo imasonyeza kuti amakonda kudina, chifukwa ndiwo otchipa kuwapeza. Anthu oterewa ndi kagulu kochepa. Kafukufuku wa comScore ndi Starcom wa mu 2009 anapeza kuti ku America anthu 8 pa 100 alionse a pa intaneti ndiwo ankachita 85 peresenti ya kudina konse pa zikwangwani. Ndi kafukufuku wakale, wa dziko lina, koma mfundo yake ikadali yothandiza: wokonda kudina ndi wokonda kugula si munthu mmodzi nthawi zonse.

Choncho sankhani cholinga choyandikira kwambiri ndi kugula chimene mungathe kuchiyeza, monga uthenga wa pa WhatsApp, fomu yolembedwa kapena kugula kwenikweni. Mukatero CTR imatha kutsika ndipo kudina kumodzi kumakwera mtengo. Musadabwe nazo, chifukwa makinawo asiya kusaka odina, ayamba kusaka anthu amene amachita chimene mwapempha.

Koma pa Google munthu wachita kufufuza yekha. Ameneyo si wogula kale?

Zimadalira mawu amene walemba. Mayi wa sola uja atasankha mawu oti sola okha, n'kuwasiya pa `Broad match`, Google ili ndi ufulu woonetsa uthenga wake kwa wofufuza kakonzedwe ka batire yowonongeka, kwa wophunzira amene akulemba za mphamvu ya dzuwa, ngakhalenso kwa wofuna ntchito ku kampani ya sola. Onsewa atha kudina, poti mawu amene akufuna awaona mu uthengawo, ndipo CTR ioneka bwino. Palibe mmodzi wa iwo amene ali ndi K450,000 m'thumba yogulira seti.

Mankhwala ake ali mu lipoti lotchedwa `Search terms`, limene limaonetsa mawu enieni amene anthu analemba asanadine. Liwerengeni mzere ndi mzere, makamaka m'masabata oyambirira. Mawu alionse osonyeza kuti munthuyo akufuna zaulere, ntchito kapena maphunziro, aikeni pa `Negative keywords` kuti uthenga usaonekerenso kwa ofufuza zimenezo. Muthanso kuchepetsa ufulu wa Google posankha `Phrase match` kapena `Exact match`. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, koma pa zonse zimene ndatchula m'nkhani ino, ndi imene ndingalimbikitse munthu wotsatsa pa Google kuyamba nayo.

Ndiye kuti CTR ilibe ntchito, kapena yotsika ndiyo yabwino?

Ayi, kumeneko n'kulakwitsa kwa mbali inayo. CTR imayankha bwino funso limodzi: kodi uthengawu ukukopa maso a anthu amene akuuona? Mauthenga awiri akakhala ndi lonjezo lofanana, mtengo wofanana, opita ku tsamba limodzi, n'kumasiyana chithunzi chokha, umene uli ndi CTR yokwera nthawi zambiri ndiwo wabwino, chifukwa ukubweretsa anthu a mtundu womwewo pa mtengo wotsika. CTR ikayamba kutsika pang'onopang'ono pa uthenga umene unkayenda bwino, uku `Frequency` ikukwera, ndiye kuti anthu omwewo auona kambirimbiri ndipo atopa nawo. Nthawi yosintha chithunzi yakwana.

Imakhudzanso mtengo. Google imayeza ubwino wa uthenga poyang'ana zinthu zitatu: CTR imene ikuyembekezeka, kugwirizana kwa uthenga ndi zimene munthu wafufuza, ndi mmene tsamba lanu limalandirira munthu. Zitatuzi amaziphatikiza mu `Quality Score`, nambala yoyambira 1 mpaka 10. Uthenga umene anthu amaunyalanyaza umafunika ndalama zambiri kuti upeze malo abwino. Choncho CTR yotsikitsitsa ndi vuto lenileni. Chimene ndikukana ndi kuikweza ndi njira zimene zimasintha mtundu wa anthu odina, monga kubisa mtengo, kulonjeza zaulere, kapena kuika chithunzi chosagwirizana ndi katundu.

Makasitomala anga amagula pa WhatsApp kapena amabwera kusitolo. Ndingadziwe bwanji uthenga umene wawabweretsa?

Apa Google ndi Meta siziona zonse, ndiye muyenera kuwerenga nokha. Njira yosavuta ndi kupatsa uthenga uliwonse chizindikiro chake. Batani la WhatsApp limalola kuti mukonzeretu mawu oyamba amene kasitomala atumize, choncho uthenga umodzi uziyamba ndi mawu akuti ndikufunsa za seti ya sola A, wina ndi akuti seti ya sola B. Amene wafika kusitolo, mufunseni kumene anamva za inu, ndipo mulembe nthawi yomweyo. Ngati muli ndi tsamba lanu, muthanso kuwonjezera zizindikiro kumapeto kwa linki kuti Google Analytics isiyanitse alendo:

```
?utm_source=facebook&utm_campaign=sola&utm_content=b
```

Kenako khalani ndi kope limene pa uthenga uliwonse mukulemba ndalama imene yapita, anthu amene afunsa ndi anthu amene alipira. Musaimire pa ofunsa. Uthenga wobisa mtengo umatha kudzaza WhatsApp yanu ndi anthu olemba kuti ndi zingati, n'kuzimiririka mukawayankha, ndipo nthawi imene mwataya powayankha nayonso ndi ndalama. Nambala yoweruzira ndi ndalama yonse yotsatsira kugawa ndi anthu amene agula, kenako n'kuiyerekeza ndi phindu la pa katundu mmodzi.

Musaweruze msanga. Kudina kumabwera tsiku lomwelo, koma munthu wogula chinthu cha K450,000 amayamba wakambirana ndi a kunyumba, mwinanso kudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi. Komanso ogula akakhala ochepa, mwayi umasokoneza. M'chitsanzo chathu, mmodzi ndi asanu ndi kusiyana koti munthu n'kuyamba kukayikira uthenga woyamba, koma akanakhala atatu ndi anayi sindikanazimitsa uliwonse. Ndikanawasiya onse awiri ayendebe mpaka manambala akule.

Bwanji ngati CTR ndi yokwera ndipo odinawo akugulanso? Pamenepo sizinatheke?

Nthawi zambiri zatheka, koma pali msampha wina umene unagwirapo ngakhale makampani akuluakulu. Funso ndi lakuti: kodi anthuwa sakanagula ngakhale popanda uthengawo? Kampani ya eBay inkalipira kuti uthenga wake uonekere pamwamba munthu akalemba dzina lakuti eBay m'malo ofufuzira. Mauthenga otere amakhala ndi CTR yokwera kwambiri ndipo odina ambiri amagula, pakuti munthu wolemba dzina la sitolo ali kale pa ulendo wopita kumeneko. Mu 2012 kampaniyi inayesa kuzimitsa mauthenga a dzina lake pa Yahoo ndi pa malo ofufuzira a Microsoft. Akatswiri a zachuma Thomas Blake, Chris Nosko ndi Steven Tadelis, amene anafalitsa zotsatira zake mu magazini ya Econometrica mu 2015, anapeza kuti pafupifupi anthu onse anafikabe ku eBay podina linki yaulere imene inali m'munsi mwa uthenga wolipiridwa uja. Kampaniyo inkagula alendo amene anali ake kale. Anapezanso kuti pa mawu ena osakhala dzina la kampani, mauthenga ankathandiza kwa anthu atsopano ndi ogula mwa apo ndi apo, pamene ndalama zambiri zinkathera pa makasitomala okhazikika amene akanabwerabe.

Izi sizikutanthauza kuti bizinesi yaing'ono isiye kulipira pa dzina lake. eBay ndi yodziwika, ndipo linki yake yaulere inkakhala pamwamba. Sitolo yosadziwika, imene opikisana nayo akhoza kuika mauthenga awo pa dzina lake, ili pamalo ena. Koma msampha womwewo ulipo pa mauthenga amene amatsatira munthu amene anafika kale pa tsamba lanu, kapena oonekera kwa anthu amene amatsatira kale bizinesi yanu pa Facebook. Manambala awo amakongola chifukwa anthuwo ankakudziwani kale.

Njira yoyezera ndi imene eBay inagwiritsa ntchito, ndipo sifuna ukatswiri waukulu. Ngati mumagulitsa ku Lilongwe ndi ku Blantyre, zimitsani uthengawo mumzinda umodzi kwa masabata angapo, winawo muusiye ukuyenda, kenako muyerekeze malonda onse a mzinda uliwonse ndi mmene ankayendera kale. Sankhani masabata opanda chikondwerero kapena kusintha kwa mitengo, ndipo musasinthe china chilichonse m'nthawiyo. Malonda akatsika kumene mwazimitsa, kusiyanako ndiko kumene uthengawo umabweretsa, ndipo ndiko koyenera kuyerekeza ndi ndalama imene mumalipira. Akapanda kutsika, ndalamayo ipititseni kwa anthu amene sanamvepo za inu.